Makina Ogwira Akuba Mayeso Akugwira Osalakwa

Kucokera pamene ChatGPT inatulutsidwa mu Novembala 2022, aphunzitsi a m'makoleji ndi m'mayunivesite ali ndi nkhawa yakuti nkhani zimene ophunzira akupereka n'zolembedwa ndi kompyuta. Motero kwabwera mapulogramu amene amati angathe kuzindikira cinyengo cimeneci. Mphunzitsi amaikamo nkhani ya wophunzira, ndipo pulogramu imayankha kuti yalembedwa ndi munthu kapena ndi makina. Vuto n'lakuti amene amagwidwa kawirikawiri ndi munthu wolemba m'cinenero cimene sanayamwire. Kuno ku Zambia, kumene ana athu ambiri Cizungu amakaciphunzira kusukulu, munthu ameneyo ndi mwana wathu.

Mu 2023 akatswiri a pa Yunivesite ya Stanford ku America anayesa mapulogramu 7 otere. Anatenga nkhani 91 zolembedwa ndi anthu okonzekera TOEFL, mayeso a Cizungu amene alendo amalemba pofuna malo m'mayunivesite a kunja, ndi nkhani zina 88 za ana a ku America a Giredi 8. Zonse zinalembedwa ndi anthu. Nkhani za ana a ku America zinapita pafupifupi zonse popanda vuto. Koma pa nkhani za alendo, mapulogramuwo anali kunena kuti 61 pa 100 zilizonse n'za makina. Mwa nkhani 91 zija, 89 zinanamiziridwa ndi pulogramu imodzi kapena kuposerapo.

Cifukwa cake cili m'kagwiridwe ka nchito ka mapulogramu amenewa. Iwo saona amene anakhala pa thebulo n'kulemba. Ambiri amangoyesa ngati mau a m'nkhaniyo ali osavuta kulosera. Tiyerekeze ndi ciganizo ca Cinyanja. Wina akati "Amai aphika nsima ndi...", aliyense wa ife angamalizitse kuti "ndiwo". Akati "ndi kapenta" tingadabwe pang'ono, ndipo akati "ndi mkwiyo" tingatukule mutu. ChatGPT imalemba posankha mau amene amayembekezeka kwambiri pa malo alionse, ndiye nkhani zake zimakhala za "nsima ndi ndiwo" kuyambira pamwamba mpaka pansi. Pulogramu yofufuza ikapeza nkhani yopanda mau odabwitsa, imaganiza kuti ndi ya makina.

Tsopano ganizirani mtsikana wa ku Katete amene akulemba m'Cizungu pa koleji ya unesi. Mau amene akudziwa bwino ndi ocepa poyerekeza ndi a mnzake wobadwira ku London, ndiye amasankha amene akutsimikiza kuti sadzalakwitsa. Ziganizo zake zimatalika mofanana, cifukwa ndi mmene aphunzitsi a kusekondale anamuumbira: ciyambi, mfundo zitatu, mapeto. Kusamala kumene kunamupambanitsa pa mayeso a Giredi 12 ndi kumene kukumufananitsa ndi makina lero.

Akatswiri aja anatsimikizira zimenezi mwa njira yocititsa cidwi. Anauza ChatGPT kuti ikometse mau a m'nkhani 91 zija kuti zimveke ngati za mwini cinenero. Kunamizira kunatsika kucoka pa 61 kufika pa 12 pa 100. Kenako anacita zosiyana: nkhani za ana a ku America anazifewetsa mau, ndipo zoposa theka zinayamba kugwidwa. Apa mpamene pali cisalungamo. Wolemba yekha moona mtima akhoza kuitanidwa ku ofesi, pamene amene anapititsa nkhani yake m'makina akudutsa akuimba mluzu.

Tinenenso kuti nkhani za TOEFL zimakhala zazifupi, ndipo pulogramu imalakwitsa kwambiri ikapatsidwa mau ocepa. Turnitin, imene mayunivesite ambiri amagwiritsa nchito, sinali m'gulu la mapulogramu 7 aja, ndipo eni ake amati pa kufufuza kwao sanapeze tsankho lotere. Komabe Yunivesite ya Vanderbilt ku America inazimitsa mbali imeneyi ya Turnitin mu Ogasiti 2023. Inawerengera kuti ngakhale pulogramuyo itamalakwitsa kamodzi kokha pa 100, pa nkhani 75,000 zimene inatumizako mu 2022, nkhani 750 zikananamiziridwa. Mwezi umodzi izi zisanacitike, OpenAI, kampani yopanga ChatGPT, inali itacotsa pulogramu yake yofufuzira cifukwa inali kuphonya kwambiri.

Mipingo yathu ili ndi masukulu ndi makoleji, ndipo ena mwa ife timakhala m'makomiti oweruza milandu ya ophunzira. Nambala yocokera m'pulogramu si umboni wokwanira kucotsera munthu mamaki kapena kumuimitsa sukulu. Mphunzitsi wokayikira angamuitane wophunzirayo n'kumufunsa kuti afotokoze pakamwa ndime yaciwiri ya nkhani yake, ngakhale m'Cinyanja. Angayang'anenso ngati mabuku amene achulidwa alipodi, pakuti makina amakonda kupeka maina a mabuku. Wophunzira nayenso azisunga mapepala amene anayambira kulembapo. Ngati amalembera mu Google Docs, pansi pa File pali Version history, imene imaonetsa tsiku ndi nthawi imene nkhaniyo inali kusinthidwa.