Za M'nyumba Mwathu: Zilembo Zinayi za pa Sofa

Mwezi uno tikambirane za mipando yansalu, imene tsopano tonse tiitcha sofa. M'nyumba zambiri, kuyambira ku Makanjira ndi Malindi kufikira ku Namwera ndi pa boma la Mangochi, muli mipando yotere. Ina anakhoma amisiri athu, ina anabwera nayo ana athu ogwira ntchito ku Joni atakhetsa thukuta miyezi yambiri. Tsono n'chachisoni kuona mpando wa mtengo wapatali uli kuwonongeka tsiku limodzi, osati ndi chiswe kapena makoswe, koma ndi dzanja la munthu wofuna kuuyeretsa.

Musanatunge madzi, yambani mwanyamula khushoni, kapena mugubuduze mpando ndi kuyang'ana kunsi kwake. Pa mipando yambiri yochokera kunja mudzapeza kansalu koyera kosokereredwa, ndipo pa ina mwa iyo pamalembedwa chilembo chonena za kayeretsedwe. Mwambo umenewu unachokera kwa opanga mipando a ku Amereka, ndipo zilembo zake ndi zinayi. W anena kuti nsaluyo ilola madzi ndi sopo. S anena kuti ikana madzi, ifuna mankhwala ouma msanga osungunula mafuta. WS alola njira zonse ziwiri. X akana zonse. Mpando wotero ungosesedwa ndi burashi yofewa. Koma chenjerani: W wa pa mpando satanthauza kuti muvule nsaluyo ndi kukaichapa kunyanja pamodzi ndi zitenje. Alola kupukuta kokha, nsalu ili pomwepo.

Nanga madzi, amene timwa ndi kusamba tsiku ndi tsiku, aipsa bwanji nsalu? Ulusi wa poliyesitala ndi wa nayiloni sumwa madzi ambiri, chifukwa chake kawirikawiri ukhala ndi W. Koma ulusi wa visikosi, umene upangidwa kuchokera ku mitengo, ukanyowa utupa ndi kufooka, ndipo pouma subwerera monga unalili. Silika, ubweya wa nkhosa ndi veleveti yathonje nazonso zikana madzi mwa njira yakeyake: ina ifupika, ina isuluka mtundu, ina ubweya wake ugona osadzukanso. Ndiponso madzi akalowa, anyamula litsiro ndi utoto kupita nazo m'mphepete mwa ponyowapo, nazisiya pomwepo pouma. Ndiwo mkombero wofiirira uja umene uoneka moipa kuposa banga loyamba.

Tiyese tsono kuti m'nyumba ina ku Malindi muli sofa ya chilembo S, ndipo mwana wagwetsapo nthuli ya chambo chokazinga, nasiya banga la mafuta lalikulu ngati chikhatho chake. Mayi asathamangire ku ndowa. Ayambe wachotsa zotsala ndi msana wa supuni, nakanikizepo nsalu yoyera youma, osapikitsa, pakuti kupikitsa kukankhira mafuta m'kati. Kenaka athirepo masupuni awiri a ufa wosalala wa chinangwa kapena ufa woyera wa chimanga, ausiye mphindi 30, ndipo ausese ndi burashi. Ufa umwa mafuta ambiri ndithu, ndipo ngati wachita mibulu, abwerezenso ndi ufa wina.

Chotsalacho ndicho chifuna mankhwala. Woyenera ndi sipiriti woyera ngati madzi, wogulitsidwa m'masitolo a mankhwala. Sipiriti wofiirira uja wa m'magolosale ali ndi utoto umene utsala pa nsalu yowala. Palafini asiya mafuta ake ndi fungo losatha, ndipo petulo ndiye tikanitsitsa, pakuti mpweya wake uyenda pansi kufikira pa mbaula ndi kuyatsa nyumba. Ngakhale sipiriti yemweyo ayaka moto. Chotero mpando utulutsidwe pakhonde, kutali ndi koloboyi, kandulo ndi wosuta fodya, ndipo ana akhale patali.

Mayi ayambe wayesa kumbuyo kwa mpando, pamalo posaoneka. Anyowetse pang'ono nsonga ya nsalu yoyera, akanikize pamenepo, ndi kuyang'ana ngati mtundu watsatira nsaluyo. Ukatsatira, aleke pomwepo. Banga laling'ono liposa chigamba chosuluka. Ukapanda kutsatira, ndipo malowo atauma aoneka monga kale, apite pa banga. Sipiriti athiridwe pa nsalu ya m'manja, osati pa mpando, kuti asalowe mu siponji ya m'kati. Akanikize kuyambira m'mphepete mwa banga kulowa pakati, natembenuze nsalu yake kuti nthawi zonse agwiritse mbali yoyera. Akatha kawiri kapena katatu, aleke paume, napesepo ndi burashi kutsata kumene ubweya ugonera.

Koma mankhwalawa ali ndi malire ake. Asungunula mafuta ndi inki ya bolopeni, koma shuga wa mu tiyi, phala ndi mkodzo wa khanda sazichotsa bwino, popeza zimenezi zimvera madzi. Zotere zikagwa pa sofa ya S, chithandizo ndicho kufulumira: kanikizani nsalu youma, muisinthe kufikira italeka kunyowa, ndipo muumitse pamphepo. Chotsala chifuna akatswiri oyeretsa nsalu popanda madzi, amene apezeka m'mizinda ngati Blantyre.

Sofa ya W ndiyo yosavuta, komabe siifuna kusambitsidwa. Thirani supuni yaing'ono imodzi ya sopo wamadzi wotsukira mbale m'theka la lita ya madzi ofunda, muvundule kufikira thovu litakwera, ndipo mutape thovu lokhalo ndi nsalu. Mukatha, pukutani ndi nsalu ina yoviika m'madzi oyera ndi kufinyidwa kolimba, pakuti sopo wotsala amata fumbi, ndipo malowo adetsedwa msanga kuposa ena. Pukutani khushoni yonse kuchokera msoko kufika msoko, kuti pasakhale malire a ponyowa ndi pouma. Madzi a mvula osungidwa bwino aposa a pa mjigo wa madzi amchere, amene asiya mzere woyera pouma. Jiki asayandikire mpando uliwonse, ndipo sopo waufa wochapira zovala ndi waukali kwa nsalu zambiri.

Sankhaninso nyengo. Masiku a mwera ndi a kutentha kwa Okutobala aumitsa khushoni tsiku lomwelo, makamaka poimika pamthunzi podutsa mphepo. Dzuwa lamphamvu la kuno lisulutsa mtundu. Nthawi ya dzinja siponji yonyowa ikhoza kugona masiku awiri isanaume, ndipo fungo la chuku ndilo lidzakuuzani kuti madzi analowa kwambiri.

Nanga mpando wa mmisiri wathu, umene ulibe kansalu kolembedwa? Funsani mmisiriyo kachigamba kotsala pa nsalu imene anakuta nayo, ndipo muyesere pamenepo. Kakasowa, yesani kumbuyo kwa mpando. Donthezani madontho atatu a madzi, kanikizani nsalu yoyera, ndipo mudikire kufikira pataumiratu. Penyani zizindikiro zitatu: mtundu pa nsalu yoyera, mkombero pozungulira, ndi kukwinyika kapena kuuma gwaa kwa malowo. Chimodzi chokha chikaoneka, muuyese mpandowo wa S. Zonse zikasowa, muuyese wa W.

Mukadziwa chilembo cha mpando wanu, chilembeni ndi makala kapena choko pa thabwa la kunsi kwake, ndipo muuze onse a m'nyumba, makamaka ana amene asesa m'mawa. Mwezi wamawa tidzakamba za nsikidzi za m'misoko ya mipando yomweyi. Tsalani bwino nonse.