Musangotumiza chithunzi pofunsa mtengo

M'maofesi ambiri a sukulu, a mipingo ndi a mabungwe ang'onoang'ono, kufunsa mtengo wa katundu masiku ano kumachitika ndi mawu ochepa kwambiri. Munthu amajambula chinthucho pafoni, n'kutumiza pa WhatsApp kwa wogulitsa wa ku Limbe kapena ku Lilongwe, pansi pake n'kulemba kuti, "Ichi muli nacho? Ndalama zingati?" Wogulitsa naye, poopa kutaya kasitomala, amayankha mtengo wa chinthu chimene akuganiza kuti ndi chomwecho. Kotesheni imalembedwa, komiti imasaina, ndalama zimatuluka, ndipo katundu akafika m'pamene anthu amazindikira kuti agula chinthu chongofanana ndi chimene ankafuna.

Sindikunyoza chithunzi ayi. Chimathandiza kwambiri munthu amene sadziwa dzina la chinthu chimene wagwira m'manja. Koma chithunzi chimangoonetsa maonekedwe, pamene zinthu zambiri za m'mafakitale zimasiyanitsidwa ndi nambala. Ndiye ndikufuna tione mmene kalata yopempha kotesheni iyenera kulembedwera pamene zonse zayambira pa chithunzi, ndipo nditenga chitsanzo cha tona ya pulinta, chifukwa m'masukulu mwathu ndalama zambiri zimatayikira pamenepo.

Tiyerekeze sukulu ya sekondale yoyendera imene ili ndi pulinta ya HP LaserJet P1102. Mayeso a kumapeto kwa teremu ayandikira, tona yatha. Mlembi watulutsa katiriji yakuda ija m'pulinta, waiika patebulo, waijambula. Chovuta n'chakuti kampani ya HP ili ndi makatiriji angapo amene pachithunzi simungawasiyanitse msanga: 35A, 36A, 78A, 83A ndi 85A. Onse ndi akuda, msinkhu wake ndi wofanana, kapangidwe kake n'kofanananso. Komatu 35A ndi ya mapulinta a P1005 ndi P1006, 83A ndi ya M125 ndi M127, pamene P1102 imafuna 85A. Ali ngati ana amapasa, amene woti n'kuwasiyanitsa ndi mayi wawo yekha, ndipo pano wowasiyanitsa ndi pulintayo. Mukaikamo katiriji ya mtundu wina, mwina sikhazikika bwino m'malo mwake, apo ayi pulinta imakana kusindikiza chifukwa kachipangizo kakang'ono kamene kali pakatirijipo sikakugwirizana nayo. Ndipo katiriji imene mwamatula kale, ogulitsa ambiri salola kuibweza.

Choncho musanayambe kulemba kalata, bwererani ku chinthucho mukachijambule bwino. Chithunzi chofunika kwambiri ndi cha kapepala komatidwa pakatiriji, pamene palembedwa nambala. Jambulani pafupi, pamalo owala, osayatsa kuwala kwa foni chifukwa kumanyezimira papulasitiki n'kubisa zilembo. Kenako jambulaninso pulintayo pamene palembedwa dzina lake, kutsogolo kapena pachivundikiro. Chithunzi chachiwirichi chili ndi ntchito yake. Katiriji imene mwaipeza m'pulinta mwina inathiridwamo tona kangapo kwa amisiri a m'tauni, kapepala kake kanafufutika kapena kanasinthidwa. Dzina la pulinta ndilo limatsimikizira kuti nambala imene mwawerengayo ndi yoona.

Pa timapepala timeneti pamakhala manambala angapo, ndipo apa m'pamene ambiri amasokonezekera. Pakatiriji yathuyi pali 85A, limene ndi dzina lalifupi, ndiponso CE285A, imene ndi nambala yeniyeni yoitanitsira katunduyo. Papulinta palinso kapepala kake, kamene kali ndi nambala ya CE651A. Imeneyi ndi ya pulintayo, si ya tona, ndipo mukaikopera m'kalata ndiye kuti mwafunsa mtengo wa pulinta yathunthu. Palinso nambala ina yaitali imene pambali pake pamalembedwa kuti Serial No. Imeneyo ndi ya makina anu okhawo, palibe ena padziko ali nayo, ndipo imagwira ntchito pa nkhani za galanti kapena kukonzetsa. Pofunsa mtengo wa tona ilibe ntchito.

Nambala mwaipezayo muilembe ndi zilembo m'kalata momwemo, ngakhale ikuoneka kale pachithunzi. WhatsApp imachepetsa zithunzi pozitumiza, moti 83A ndi 85A zimatha kuoneka chimodzimodzi pafoni ya wogulitsa. Komanso kalata yanu ikafika kusitolo, nthawi zambiri wolemba kotesheni si amene anaona chithunzi chija. Iye amakopera zimene zalembedwa. Muzitumiza zonse ziwiri, nambala yolembedwa ndi chithunzi, kuti ngati inuyo mwalakwitsa chilembo, wogulitsa watcheru aone kusiyanako n'kukuimbirani.

Tsopano kuchuluka kwake. Kulemba kuti "tikufuna zingapo" kapena "zokwanira teremu" n'kumusiyira wogulitsa kuti akuwerengereni bajeti yanu. Werengani nokha. Tinene kuti sukulu yathu ija ili ndi ophunzira 400, aliyense alemba maphunziro 8, ndipo pepala lililonse la mayeso lili ndi masamba atatu. Amenewo ndi masamba 9,600. Kampani yopanga imati katiriji imodzi ya 85A imasindikiza masamba pafupifupi 1,600, ndiye pogawa tikupeza makatiriji 6. Koma chiwerengero cha kampanicho amachipeza posindikiza tsamba loyesera lokhala ndi zolemba zochepa, zophimba pafupifupi magawo asanu okha pa 100 alionse a pepala. Pepala la mayeso a jogalafe lokhala ndi mapu, kapena la bayoloje lokhala ndi zojambula, limadya tona yambiri kuposa pamenepo. Ine ndikanakhala mlembi wa pasukulupo ndikanaitanitsa 8, kuti pulinta isaime pakati pa mayeso.

Polemba chiwerengerocho nenani chimene mukuwerenga. "Mabokosi 8" ndi mawu amene angakupwetekeni, pakuti pali bokosi la CE285AD limene mumakhala makatiriji awiri. Wogulitsa wina akupatsani mtengo wa makatiriji 8, wina wa 16, inu n'kuganiza kuti wachiwiriyo ndi wodula kwambiri. Lembani kuti makatiriji 8, ndipo pemphani mtengo wa imodzi ndi mtengo wa onse pamodzi.

Chimodzi chimene chithunzi sichinganene n'komwe ndi mtundu wa katundu amene mukufuna. Pamsika pali katiriji yeniyeni ya kufakitale ya HP, pali yopangidwa ndi makampani ena yoti imalowa m'pulinta yomweyo, ndiponso pali yakale yothiridwamo tona yatsopano. Zonsezi zimagulitsidwa ndi nambala ya 85A, koma mitengo yake imatalikirana kwambiri. Yopangidwa ndi makampani ena si yoipa nthawi zonse, ndipo sukulu ya ndalama zochepa ikhoza kuisankha ndi mtima woyera. Chimene chimandiwawa ine n'choti sukulu ilipire mtengo wa yeniyeni n'kulandira yongofanana nayo, chifukwa choti kalata sinanenepo kanthu. Nenani imene mukufuna, ndipo ngati mukufuna kuyerekeza, pemphani mitengo yonse iwiri pa mizere yosiyana.

Kalata yake ikhoza kukhala chonchi, pamwamba patakhala kale dzina la sukulu, keyala, tsiku ndi dzina la sitolo:

Okondedwa Bwana kapena Mayi,

PEMPHO LA KOTESHENI YA TONA YA PULINTA

Tikupempha kuti mutipatse kotesheni ya katundu uyu: katiriji ya tona yakuda ya HP 85A, nambala yake CE285A, ya pulinta ya HP LaserJet P1102. Tikufuna makatiriji asanu ndi atatu (8).

Taphatikiza zithunzi ziwiri, china cha kapepala ka pakatiriji imene tikugwiritsa ntchito pano, china cha dzina la pulinta yathu. Ngati mukuona kuti nambala talembayi sikugwirizana ndi zithunzizo, chonde tiimbireni musanalembe kotesheni.

Tikufuna makatiriji enieni a HP, osamatula. Ngati muli ndi a makampani ena olowa m'pulinta imeneyi, lembani mtengo wake pamzere wapadera ndipo mutchule dzina la kampani yowapanga.

M'kotesheniyo muonetse mtengo wa katiriji imodzi, mtengo wa onse, msonkho wa VAT paokha, ndi mtengo wotibweretsera kusukulu kuno. Mutiuzenso ngati katunduyu alipo kale m'sitolo mwanu kapena muchita kuitanitsa, masiku amene mitengoyi ikhale isanasinthe, ndi zimene mumachita katundu akapezeka ndi vuto. Kotesheniyo ikhale papepala la kampani yanu, lokhala ndi nambala yanu ya TPIN.

Tidzayamikira mutatiyankha pasanathe masiku asanu. Kalatayi ndi yongofunsa mtengo, si yoitanitsa katundu.

Ine wanu,
Mlembi wa sukulu, m'malo mwa Mphunzitsi Wamkulu

Pansi pake pakhale nambala ya foni ya munthu amene angathe kupita pa pulintayo n'kukawerenganso kapepala kaja wogulitsa akafunsa. Masitolo ena mudzawalembera m'Chingerezi, koma zofunika kunena ndi zomwezi.

Funso la masiku amene mtengo ukhale usanasinthe musalisiye. Tona imachokera kunja, ndipo mtengo wake umatsata ndalama zakunja. Mu Novembala 2023 kwacha inagwetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti tsiku limodzi, ndipo makotesheni amene anali m'mafayilo kudikira komiti anasanduka mapepala wamba. Ngati wogulitsa wanena kuti mtengo wake ukhala masiku 7, komiti yanu ikumane masikuwo asanathe. Funso loti katundu alipo kale m'sitolo n'logwirizana ndi lomweli. Wogulitsa amene achite kuitanitsa kunja akhoza kukupatsani mtengo wabwino lero, tona n'kudzafika mayeso atalembedwa kale pabolodi. Nambala ya TPIN, imene amapereka a bungwe lotolera misonkho la MRA, imathandiza wosunga chuma kudziwa kuti akulipira bizinesi yolembetsedwa.

Malo ambiri amafuna makotesheni atatu ndalama zisanatuluke. Tumizani kalata imodzimodziyo, ndi zithunzi zomwezo, kwa ogulitsa onse atatu, popeza mukasintha mawu mayankho ake sangayerekezeke. Makotesheniwo akabwera, musathamangire kuona ndalama zimene zili pansi. Yambani mwawerenga mzere wofotokoza katundu. Ngati wina wangolemba kuti tona ya HP, popanda nambala, m'bwezereni alembe CE285A, chifukwa chimene chalembedwa pa kotesheni ndicho chidzakhale umboni wanu mukadzalandira china. Ngati wina mtengo wake watsika kwambiri poyerekeza ndi anzake awiri, kawirikawiri ndiye kuti wawerengera katiriji ya makampani ena, kapena wasiya msonkho, ndipo muyenera kumufunsa kuti ayankhe molemba.

Tsiku limene katundu wafika, munthu wolandira akhale ndi kotesheni ija m'manja. Awerenge nambala pa bokosi lililonse, awerenge makatiriji kuti akwanadi 8, kenako amatule imodzi yokha, aiike m'pulinta, asindikize tsamba limodzi wobweretsayo ali pomwepo. Ena asanu ndi awiriwo akhale osamatula mpaka tsambalo litatuluka loyera bwino, kenako asaine kuti walandira.