Lekani Kusintha Mitundu Positi Iliyonse

Mlongo wanga amagulitsa makeke ku Kabwata, ndipo makasitomala ambili amamupeza pa sitetasi ya WhatsApp. Kwa miyezi ingapo, positi iliyonse anali kuipanga na templeti yatsopano ya Canva: Mande ya pinki, Citatu yagolide, Ciwelu yakuda. Zonse zinali zokongola. Koma tsiku lina kasitomala wake wakale anaoda keke kwa munthu wina, poganiza kuti ni iye. Templeti imene anaona inali imodzimodzi, cifukwa aliyense angaitenge mahala.

Ine nimaona kuti kuculuka kwa matempleti ndiye msampha. Munthu amene aseŵeletsa cala pa foni saŵelenga dzina lanu. Amaona cabe mtundu, n'kudziŵa kuti uyu ni uje. Mukasintha mtundu mawa, mwakhalanso mlendo.

Tinakhala pansi n'kusankha mitundu iŵili cabe: wa cokoleti wa malemba, na wa kilimu wa kumbuyo. Kusankha na maso kumanamiza, cifukwa cokoleti ca lelo sicidzalingana na ca mawa. Mtundu uliwonse uli na nambala yake. Wathu ni #5B2C0F na #FFF3D6. Anazilemba mu foni, ndipo amangoziika m'kabokosi ka mitundu. Poyamba iye anali kufuna malemba acikasu pamalo oyela. Tinatuluka panja masana, foni m'manja, ndipo mtengo wa keke sunaoneke olo pang'ono. Nkhani inathela pamenepo.

Pa malemba sitinacedwe. Anton ni ya mutu na mtengo, Open Sans ni ya zotsala. Malemba opotana aja oonekela monga a pa khadi la cikwati tinawasiya, cifukwa pa nambala ya foni 1 na 7 zimasokoneza.

Logo ndiyo inativuta. Mu Canva ya mahala simungacite daunilodi cithunzi copanda kumbuyo, conco logo imabwela na kabokosi koyela kamene kamaoneka ngati sitika yomata. Ife tinaipanga mkati mwa positi momwemo: kozungulila ka cokoleti, zilembo ziŵili za dzina lake pakati, kenako Group kuti ziziyendela pamodzi. Imakhala kudzanja lamanja capamwamba nthawi zonse, koma osati kothela kwenikweni. Pa sitetasi ya 1080 x 1920, pamwamba penipeni WhatsApp imaikapo dzina lanu, ndipo pansi pamakhala malo oyankhila. Mukaika logo kapena nambala pamenepo, zimabisika.

Ena adzati positi yofanana tsiku na tsiku imagwetsa ulesi. Imagwetsa ulesi imwe amene mumaiona kambili poipanga, osati kasitomala amene amaiona masekondi aŵili. Cimene ciyenela kusintha ni keke. Manje mlongo wanga amangodina Duplicate page, n'kusintha cithunzi na mtengo, positi yatha uvuni isanapye n'komwe.