MTENGO WOTSIKA SUPAMBANA TENDA PA WOKHA

Pamene Khonsolo ya boma itsegula maenvulopu a tenda pamaso pa anthu, mlembi amawerenga mokweza dzina la kontrakitala aliyense ndi mtengo umene walemba. Mwini mtengo wotsika amabwerera kwawo mtima uli m'malo, mwinanso atauza kale amisiri ake kuti akonze zida. Patapita milungu ingapo amamva kuti ntchito yapatsidwa kwa wina wa mtengo wokwererapo, ndipo pomwepo mbiri imawanda pamsika ndi pasukulu kuti akuluakulu a ku ofesi adyapo kanthu. Katangale alipo ndithu, ndipo pamene wapezeka ayenera kulangidwa. Koma si tenda iliyonse yotayika imene yabedwa: ina imagwa chifukwa mwini wake anawerenga chilengezo cha m'nyuzipepala chokha, osafika ku malamulo amene chilengezocho chinamlozera.

Kagulidwe ka Boma kali ndi lamulo lake. Lamulo la 2003 linakhazikitsa ofesi yoyang'anira za kugula katundu ndi ntchito za Boma, ndipo la 2017 linaika bungwe la PPDA m'malo mwa ofesiyo. Mu 2020 Boma linatulutsanso lamulo lopatsa mabizinesi ang'onoang'ono mwayi wapadera pa ntchito zake. Komabe mwambo wa tenda uli pomwepo: wopambana ndi iye amene mtengo wake uli wotsika pakati pa okhawo amene akwaniritsa zonse zolembedwa. Komiti imayamba yaona ngati mapepala ali okwanira, kenaka imayesa masamu, ndipo pomalizira imafunsa ngati munthuyo angathe kuigwira ntchitoyo. Wogwa pa khomo loyamba safika pa lachiwiri.

Nkhaniyi imveka bwino ndi chitsanzo chongoyerekeza. Khonsolo ina yalengeza kuti ifuna kontrakitala womanga buloko ya zipinda ziwiri zophunziriramo ndi zimbudzi pa sukulu ya pulayimale ya kumudzi. Makontrakitala atatu aponya maenvulopu awo m'bokosi. Woyamba walemba K114,000,000, wachiwiri K120,500,000, ndipo wachitatu K126,000,000.

ZIMENE CHILENGEZO CHIMANENA

Chilengezo ndi chachifupi, koma mzere uliwonse uli ndi kanthu. Chimatchula nambala ya tenda, imene iyenera kulembedwa pa envulopu monga momwe ilili. Chimatchula gulu la makontrakitala oitanidwa, pakuti bungwe loyang'anira zomangamanga, limene linayamba ndi lamulo la 1996 ndipo amisiri analizolowera ndi dzina la NCIC, limalembetsa kontrakitala monga mwa mtundu wa ntchito yake ndi kukula kwa ndalama zimene angagwirire. Wolembetsedwa pa za misewu sangalowe pa mpikisano wa nyumba, ndipo wa gulu laling'ono sangapikisane pa ntchito yoposa malire ake, ngakhale khoma lake litakhala lowongoka chotani. Chimatchulanso mapepala ofunika, monga chiphaso cha bizinesi, chiphaso cha PPDA ndi kalata ya MRA yosonyeza kuti msonkho unaperekedwa. Apa chofunika kuyang'ana ndi tsiku limene pepala lililonse litha mphamvu, chifukwa chiphaso chimene chinatha dzulo chimawerengedwa ngati palibe.

Kenaka pali tsiku, ola ndi malo. Ngati kwalembedwa kuti bokosi litsekedwa 10 koloko m'mawa, envulopu yofika mphindi zisanu pambuyo pake imabwezedwa yosatsegula. Mlembi wokana kuilandira sachita nkhanza. Akailandira ndiye kuti walakwira ena amene anadzuka m'mamawa, ndiponso watsegula njira yakuti munthu azilemba mtengo wake atamva kale ya anzake.

Koma chilengezo chili ngati chikwangwani cha pamphambano: chimangolozera ku buku la tenda, limene kontrakitala amakatenga ku ofesi. M'bukumo muli tsamba la mfundo za tendayo, njira yoyesera opikisana, mafomu osainira, mapulani a nyumba, ndandanda wa ntchito ndi miyeso yake, ndi mawu a mgwirizano. Mbali zambiri zimafanana pa tenda iliyonse, ndipo chifukwa cha ichi kontrakitala wozolowera amangodumpha masamba. Tsamba la mfundo ndilo limasintha, ndipo ndi pomwepo pamene kontrakitala woyamba uja anapunthwa.

CHIKOLE CHA MASIKU OPEREWERA

Pa tsambalo panalembedwa kuti mtengo wa wopikisana ukhale wosasintha masiku 90 kuchokera pa tsiku lotseka, ndi kuti chikole cha ku banki chikhale ndi mphamvu masiku 28 kupitirira pamenepo. Pamodzi ndi masiku 118. Kontrakitala woyamba anaona nambala ya 90 yokha, napempha banki kuti imlembere kalata ya masiku 90.

Masiku 28 aja ali ndi ntchito yake. Chikole chimateteza Khonsolo kwa munthu amene angapambane kenaka n'kukana kusaina mgwirizano. Akakana pa tsiku la 89, Khonsolo isowa nthawi yolembera ku banki kuitanitsa ndalamazo, ndipo kalata imene yatha mphamvu pa tsiku la 90 ili ngati pepala wamba. Choncho komiti imaika tenda yotere pambali pa kuyesa koyamba, ndipo siiloledwa kumuitana mwini wake kuti akonze, pakuti kutero ndi kumpatsa yekha mwayi umene anzake sanapatsidwe. Mtengo wa K114,000,000 unathera pamenepo.

Pa ntchito zina zazing'ono Khonsolo siifuna kalata ya ku banki, koma fomu ya lonjezo, m'mene wopikisana amavomera kuti akathawa ntchito aletsedwe kupikisana kwa nthawi yoikika. Njirayi ndi yopepuka kwa wa mpamba wochepa, koma fomuyo ikakhala yosasaina, kapena mawu ake atasinthidwa, mathero ake ndi omwewo.

MASAMU A PA MALATA

Wachiwiri anadutsa pa khomo loyamba, nafika pa masamu. Ndandanda wa ntchito umagawa nyumba yonse m'mizere: kukumba maziko, konkire, khoma, denga, utoto. Mzere uliwonse uli ndi muyeso woikidwa ndi Khonsolo, ndipo kontrakitala amalemba mtengo wa muyeso umodzi, kenaka chiwonkhetso cha mzerewo. Pa mzere wa malata panali masikweya mita 260. Iye analemba K38,000 pa sikweya mita imodzi, koma pochulukitsa anataya ziro, nalemba K988,000 m'malo mwa K9,880,000.

Malamulo a m'buku amanena kuti mtengo wa muyeso umodzi ukasiyana ndi chiwonkhetso, komiti itsate mtengo wa muyeso umodzi ndi kukonza chiwonkhetsocho. Itakonza, panawonjezeka K8,892,000, ndipo tenda ya K120,500,000 inakwera kufika K129,392,000. Tsono inapitirira ya wachitatu ndi K3,392,000. Palibe amene anambera munthuyu. Ndipo komiti ikadapanda kuona cholakwacho, iye akadapambana ntchito imene ndalama zake sizikadakwana denga, ana a sukulu n'kulowa nyengo ya mvula ali pansi pa mtengo, akuyang'ana makoma opanda malata.

Pali msampha wina pa ndandanda womwewo. Mzere umene kontrakitala wausiya wopanda mtengo suchotsedwa pa ntchito: umawerengedwa kuti mtengo wake walowa kale m'mizere ina. Woiwala kulemba mtengo wa zitseko adzaika zitsekozo ndi ndalama za m'thumba mwake. N'chifukwa chake ndandanda uyenera kuwerengedwa pamodzi ndi mapulani ndi mawu ofotokoza zipangizo. Ngati kwalembedwa njerwa za simenti, mtengo wa njerwa zootcha ulibe malo, makamaka popeza mu 2018 Boma linaletsa njerwa zootcha ndi nkhuni pa ntchito zake pofuna kuteteza mitengo.

KODI ANGATHE KUIMALIZA?

Wachitatu anatsala yekha, koma ntchito inali isanakhale yake. Buku linafuna kuti asonyeze ntchito ziwiri zofanana ndi imeneyi zimene anamaliza m'zaka zapafupi, dzina ndi maphunziro a kapitawo wake, zida zimene ali nazo kapena angabwereke, ndi ndalama zosachepera K30,000,000 zimene ali nazo kapena banki yavomera kumkongoza. Umboni wa ntchito zakale ndi makalata otsimikiza kuti anamaliza, osainidwa ndi eni ntchitozo. Zithunzi za nyumba sizikwanira.

Mfundo ya K30,000,000 imaoneka ngati yotsekera aang'ono kunja, koma maziko ake ndi kalipiridwe ka Boma. Kontrakitala amalipidwa ntchito imene yayezedwa ndi kuvomerezedwa, ndipo pa malipiro aliwonse Khonsolo imasungako gawo kufikira nthawi yokonza zolakwika itatha. Simenti, zitsulo ndi malipiro a aganyu a miyezi yoyamba zimachokera kwa iye mwini. Wopanda mpamba amakumba maziko n'kuima.

Ayeneranso kuwerenga mzere umene umanena ngati mtengo ungasinthe zinthu zikakwera. Pa ntchito zazifupi kawirikawiri susintha. Masiku 90 odikira akaphatikizidwa ndi masiku 120 omanga ndi masiku 210, pafupifupi miyezi isanu ndi iwiri, ndipo mtengo wolembedwa lero uyenera kupirira nthawi yonseyo. Ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, ndiponso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo amene anasaina migwirizano ya mtengo wosasintha masiku amenewo asanafike anagula malata ndi zitsulo pa mitengo imene sanaiwerengere. Wotsitsa mtengo mopitirira muyeso kuti apambane amadzikumbira yekha dzenje.

UDINDO WA A M'KOMITI

Ambiri mwa owerenga tsamba lino amakhala m'makomiti oyesa matenda a ntchito, kapena ndi aphunzitsi aakulu amene amisiri a m'mudzi amawafunsa nzeru. Kwa mmisiri, uphungu woyenera ndi wakuti akaone malo asanalembe mtengo, pakuti mtunda wa kumene kuli mchenga ndi madzi suoneka pa mapulani, ndi kuti chimene sanamve afunse ndi kalata nthawi ya mafunso isanathe. Yankho limatumizidwa kwa onse amene anatenga buku, ndipo la pakamwa lopatsidwa m'khonde la ofesi lilibe mphamvu.

Kwa a m'komiti, lamulo lomwe linagwetsa makontrakitala awiri aja liwamanga nawonso. Saloledwa kuyesa ndi muyeso umene sunalembedwe m'buku, kapena kukhululukira mmodzi chimene akanira wina. Wogonja ali ndi ufulu wofunsa chifukwa chake, ndiponso wodandaula m'masiku amene lamulo linaika. Khonsolo ikamyankha momveka kuti chikole chinaperewera masiku 28, kapena kuti mzere wa malata unasowa ziro, mphekesera za pamsika zimatha mphamvu, ndipo pa tenda yotsatira mmisiri uja amabweranso ndi envulopu yokwanira.