Chiponde ndi sopo pa dzina limodzi?

Loweruka lapitali mlamu wanga wa ku Area 23 adandiitana kuti tikathandizane nzeru. Mayiyu wakhala akupanga chiponde kwa zaka zinayi. Adayamba ndi mtondo, lero ali ndi kachigayo kamagetsi ndi anyamata awiri operekera katundu pa njinga. Pa mwezi amagulitsa mabotolo pafupifupi 600 m'maokala ndi m'magolosale 40 a ku Area 23, Kawale ndi Biwi. Pa botolo lililonse pali dzina la malemu mayi ake.

Ndidapeza ataika zinthu zitatu patebulo: botolo la chiponde lija, paketi ya ufa wa phala wa soya ndi chimanga, ndi botolo la sopo wamadzi wotsukira mbale amene waphunzira kupanga posachedwa.

"Alamu, Lolemba ndikukapereka ndalama kwa osindikiza malebulo," adatero. "Ndalamayo ndakongola ku banki m'khonde. Ndiuzeni, zonsezi ndizilembe dzina la amayi, kapena chilichonse chikhale ndi dzina lakelake?"

Funso limeneli si la ku Area 23 kokha. Makampani akuluakulu amalipira akatswiri kuti awayankhe, ndipo mayankho awo tonse timawaona pa mashelefu a golosale.

Ena adasankha dzina limodzi. Kampani ya Bakhresa, yochokera ku Tanzania, imalemba Azam pa thumba la ufa wa tirigu, pa sopo wochapira, ngakhale pa dishi ya kanema. Ena adasankha mayina ambiri. Trade Kings ya ku Lusaka, imene idayamba mu 1995, imapanga Boom wochapira zovala, koma maswiti ake idawapatsa dzina lina, Amazon. Naye Unilever ali ndi Sunlight, Lifebuoy, Surf ndi Vaseline, ndipo ambiri amene amagula zinthuzi salabadira kuti mwini wake ndi mmodzi. Onsewa zikuwayendera. Ndiye nkhani siili pa njira yabwino ndi yoipa. Nkhani ili pa zimene njira iliyonse imakupatsa ndi zimene imakulipiritsa.

Ndidayamba ndi kumufunsa mlamu wangayo kuti anthu akafika pa okala amati chiyani pofuna chiponde chake. Adati amatchula dzina la mayi ake lija, osawonjezera mawu ena. Ndidamufunsanso chifukwa chimene amasiyira chiponde china chotchipa. Adati chake sichiwawa, chifukwa amasankha mtedza ndi manja n'kutaya wonse wachuku, ndipo amayi amachithira m'phala la ana mopanda mantha.

Apa mpamene pagona nkhani. Dzina la malonda ndi lonjezo. Dzina la mlamu wanga likulonjeza chinthu chimodzi: chakudya chaukhondo chimene mwana angadye. Zaka zinayi zonsezi wakhala akusunga lonjezo limenelo, ndipo ndicho chuma chake chenicheni, kuposa chigayo chija.

Tsono titenge ufa wa phala. Wougula ndi mayi yemwe uja amene amagula chiponde. Amaugula pa okala yemweyo, ndipo zonse ziwiri zimakathera mu mphika umodzi. Lonjezo lake ndi lomwelo. Ufawo ukatuluka ndi dzina la amayi, mwini okala aulandira tsiku lomwelo chifukwa akudziwa kuti dzinalo limayenda, ndipo wogula sadzafunsa kuti wapanga ndani. Ukatuluka ndi dzina lachilendo, mlamu wanga ayambiranso pamene adayambira zaka zinayi zapitazo: kusiya katundu pa ngongole, kupereka zolawitsa, ndi kupempha malo pa shelefu m'mashopu onse 40. Ndalama yomangira dzina lachiwiri alibe, ndipo akaigawa pawiri, mayina onse awiri adzakhala ofooka. Akuluakulu adati mapanga awiri avumbwitsa. Pa ufa yankho langa lidali lachidule: dzina limodzi.

Koma ndidamuchenjeza za mtengo wa dzina limodzi. Nsomba ikawola imodzi, zonse zawola. Ufa wa soya uli ndi mafuta, ndipo soya akapanda kukazingidwa bwino kapena ufawo ukakhalitsa pamalo otentha, umayamba kufungo ndi kuwawa. Tsiku limene mayi wa ku Biwi adzatsegule paketi yotero, sadzanena kuti ufa ndi woipa. Adzatchula dzina lija n'kuti zinthu zawo zasintha, ndipo chiponde chosalakwa chidzatsala pa shelefu. Choncho wobwereketsa dzina lake ku katundu watsopano ayenera kukhala wotsimikiza kuti watsopanoyo akufika pa muyeso wa wakaleyo, osati mwezi woyamba wokha.

Titafika pa sopo, tidatsutsana.

"Alamu, inu nomwe mwanena kuti Azam amalemba dzina limodzi pa ufa ndi pa sopo. Ine chindiletse n'chiyani?"

Funso lake lidali lanzeru. Ndidamuyankha kuti dzina la Azam silidamangidwe pa phala la ana. Anthu amalimva ngati dzina la kampani yaikulu yokhala ndi mafakitale osiyanasiyana, ndipo palibe amaganiza kuti ufa ndi sopo zimatuluka m'chipinda chimodzi. Koma ku Area 23 aliyense akudziwa kuti mlamu wanga amagwirira ntchito kuseri kwa nyumba yake. Mayi akaona dzina la chiponde pa botolo la sopo, funso lake loyamba lidzakhala lakuti, kodi ndowa yosakanizira sopo si yomwe amathiramo mtedza? Kaya ndi zoona kaya ayi, funsolo lokha ndi lokwanira kubwezera botolo pa shelefu.

Palinso china. Wogula sopo wa mbale akufuna thovu lambiri pa mtengo wotsika, ndipo ambiri mwa amene mlamu wanga wayamba kuwagulitsa ndi eni malesitilanti a mumsika, osati amayi a ana. Dzina la amayi silingamuthandize kugulitsa sopo kwa anthu amenewa, koma sopoyo angathe kuliwononga dzinalo. Pamene dzina silikupindulitsa katundu watsopano, koma katunduyo angalipweteke, mpamene pamafunika dzina lachiwiri. N'chifukwa chake mwana wa ku Lusaka sayamwa switi yolembedwa kuti Boom.

Tidakhala pansi kuwerengera mtengo wa dzina lachiwirilo. Wosindikiza wake salola malebulo ochepera 1000 pa mtundu uliwonse. Chiponde chimamaliza amenewo m'miyezi iwiri. Sopo akuyembekeza kugulitsa mabotolo 150 pa mwezi, kutanthauza kuti ndalama ya ngongole igona m'mapepala kwa miyezi pafupifupi isanu ndi iwiri. Koma zimenezi zikadachitika ngakhale dzina likadakhala limodzi, chifukwa sopo amafuna lebulo yakeyake basi. Nawonso a bungwe loona za miyeso ya katundu la MBS amayeza katundu aliyense payekha, dzina likhale limodzi kapena atatu. Ngakhale kulembetsa dzina ku boma kuti ena asalibe kumatsata magulu a katundu: chiponde chili m'gulu 29, ufa m'gulu 30, sopo m'gulu 3. Choncho dzina limodzi silichotsa ndalama zimenezi. Mtengo weniweni wa dzina lachiwiri si mapepala ayi. Ndi nthawi ndi nsapato zimene zimatha poyenda kuti anthu alizolowere.

Ndidamuuzanso malire ake, kuti asadzati sindidanene. Mayina awiri si mpanda wa njerwa. Pa lebulo pamayenera kulembedwa dzina ndi keyala ya wopanga, ndipo mnyamata wa njinga ndi yemweyo. Mwini okala adzadziwa kuti zonse ndi za munthu mmodzi. Chimene dzina lachiwiri limachita ndi kuteteza maso a wogula wamba, amene amawerenga zilembo zikuluzikulu zokha. Koma sopo ndi chiponde zikakwera katoni imodzi n'kusakanikirana fungo, palibe dzina limene lingamupulumutse. Kulekanitsa mayina kuyenera kuyendera limodzi ndi kulekanitsa chipinda, ndowa ndi makatoni.

Pali njira ina yapakati imene ambiri timaigwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku osazindikira. Makampani awiri a lamya atayambitsa zotumiza ndalama, wina adangowonjezera liwu pa dzina lake n'kukhala Airtel Money. Winayo adapereka dzina latsopano, Mpamba, koma dzina la TNM lili pambali pake ngati mboni. Njira ya mboniyi ndi imene ndidamulangiza pa ganizo lake lina, lopanga chiponde chotchipa cha m'timapaketi ting'onoting'ono. Ngati chiponde chake ndi chomwecho, kungochepetsa muyeso, dzina likhale lomwelo. Koma ngati akufuna kusintha kapangidwe kuti mtengo utsike, achipatse dzina lina, ndipo dzina la amayi likhale m'zilembo zazing'ono m'munsi. Apo ayi, amene amalipira mtengo wokwera adzalawa chotchipacho n'kufunsa kuti akhala akulipirira chiyani.

Chomaliza chimene tidakambirana ndi cha mtsogolo, chimene wabizinesi wamng'ono saganizira. Katundu wokhala ndi dzina lakelake angathe kugulitsidwa kapena kusiyidwa popanda kugwedeza zinazo. Dzina la Sobo lidachokera ku kampani ya Southern Bottlers. Eni ake asintha, ndipo mu 2016 Castel adagula Carlsberg Malawi, koma mwana wotumidwa ku golosale akadatchulabe Sobo. Yerekezani ndi zimene zidachitika Celtel itasanduka Zain mu 2008, kenako Airtel mu 2010: zikwangwani, makhadi a mayunitsi ndi penti ya pa makoma, zonse zidayenera kusintha kawiri konse, chifukwa zonse zidakoloweka pa dzina limodzi. Mlamu wanga akadzatopa ndi sopo, angathe kugulitsa dzinalo pamodzi ndi makasitomala ake kwa munthu wina. Dzina la mayi ake sangaligulitse.

Tisanasiyane ndidamupempha kuti asakhulupirire mawu anga okha. Asanapereke ndalama ya malebulo 1000, asindikize ochepa pa makina a pa msika. Asankhe mashopu khumi ofanana mayendedwe. M'mashopu asanu aike ufa wa dzina la amayi, m'mashopu asanu enawo ufa womwewo pa mtengo womwewo koma wa dzina latsopano. Pakatha masabata anayi awerenge mapaketi amene atuluka, ndiponso aone ngati chiponde chatsika kapena chakwera m'mashopu asanu oyambawo. Chiwerengero chachiwirichi ndicho chofunika kwambiri, chifukwa ndicho chimaonetsa ngati katundu watsopano akudyetsa dzina kapena akulidya.

Lolemba adandiimbira lamya. Adati kwa osindikiza sadapite, ndipo mashopu khumi aja wawasankha kale. Za sopo wavomera kumupatsa dzina lina, koma sadalipeze. Mwamuna wake, amene ndi mng'ono wanga, akuti limuyenera ndi lake. Nkhani imeneyo ndawasiyira okha.