Kudwazika matenda okhumudwa si ntchito ya munthu mmodzi

Munthu akagonekedwa m'chipatala, abale amadziwa chochita popanda wowauza. Wina amagona pansi pafupi ndi bedi, wina amaphika kukhitchini ya magadiyani, wina amatumiza kangachepe pa foni, ndipo pakapita masiku amalandizana kuti wotopa akapumeko. Koma mwamuna kapena mkazi akadwala matenda okhumudwa, aja amalanda munthu chimwemwe ndi mphamvu n'kumusiya ali ndwii, wodwazika amakhala mmodzi yekha, amene amagona naye chipinda chimodzi. Womulandira palibe, chifukwa palibe amene wauzidwa. Pa chilangizo anatiuza kuti za m'nyumba saulula, ndipo banja ndi kupirira. Malangizo amenewa ali ndi malo ake, koma pa matenda awa amadwalitsa anthu awiri m'malo mwa mmodzi.

Tiyerekeze mayi wogulitsa kaunjika mumsika, amene amuna ake ndi kalipentala. Miyezi itatu yapitayi bamboyo wasintha. Amadzuka tambala asanalire n'kumangoyang'ana kudenga, dzuwa likatuluka safuna kuchoka pabedi. Nsima amangoinyema kawiri. Maoda a mipando awunjikana, eni ake ayamba kubwera kudzafuna ndalama zawo. Mpira umene ankaukonda pa wailesi saumveranso, ndipo akayankhula amati iye ndi wachabechabe, akungovutitsa anthu. Mayi uja poyamba anaganiza kuti kuli chibwenzi, kenako anaganiza kuti mwina walakwa ndi iyeyo, tsopano wasiya kupita kumsika masiku ena kuti azimudikirira. Mpamba ukutha. Anthu akafunsa amati, "Bambo ali ndi malungo."

Choyamba chimene mayiyu ayenera kutula ndi mlandu umene wadzipatsa yekha. Munthu akakhala wokhumudwa kapena wopanda chidwi pa chilichonse, pafupifupi tsiku lonse, tsiku ndi tsiku, kwa milungu iwiri kapena kuposerapo, tulo ndi kadyedwe zitasokonekera, ntchito ikumukanika, achipatala amati amenewo ndi matenda. Bungwe loona za umoyo padziko lonse limati akuluakulu pafupifupi 5 pa 100 alionse ali nawo. Sayamba chifukwa mkazi sadziwa kuphika, ndipo satha chifukwa mkazi wawonjezera chikondi. Mfundo imeneyi ndi yowawa koma imamasula, chifukwa wodwazika amene akukhulupirira kuti machiritso ali m'manja mwake, tsiku lililonse loipa amaliwerenga ngati kulephera kwake.

Machiritso ndi ntchito ya achipatala. Sikuti mpaka mufike kuchipatala cha amisala ku Zomba ayi. Kumeneko ndi kwa odwala kwambiri, ndipo kungotchula dzinalo ambiri amakana kunyamuka. Yambani ndi chipatala chachikulu cha m'boma lanu n'kufunsa namwino kapena dokotala woona za matenda a maganizo. Ku Mzuzu ndi ku Lilongwe kulinso a St John of God. Kwa bamboyo musanene kuti "mutu wanu sukuyenda bwino". Nenani zimene iye mwini akuziona: "Bambo, simukugona, simukudya, thupi latha. Tiyeni akakuoneni, ndikuperekezani." Kumeneko akayang'ananso ngati palibe china chikuyambitsa vutoli, monga kuchepa magazi, mowa, kapena mankhwala ena amene munthuyo akumwa kale.

Mankhwala opezeka kawirikawiri m'zipatala zathu ndi amitiriputilini ndi fulokisetini. Woyambayo amamwedwa usiku chifukwa amagonetsa, ndipo amaumitsa kukamwa, ena amawadzimbitsa. Wachiwiriyo amamwedwa m'mawa, ndipo masiku oyamba angachititse nseru kapena kuchepetsa chilakolako cha m'banja. Pamene mabanja ambiri amagwera ndi apa: zovutazi zimabwera msanga, pomwe phindu limachedwa. Pamapita milungu iwiri mpaka inayi, nthawi zina isanu ndi umodzi, kusintha kusanaoneke. Wodwala amati mankhwalawa akundiwonjezera matenda, n'kusiya. Ena amasiya akangoyamba kupeza bwino, osadziwa kuti amafunika kupitiriza miyezi yosachepera 6 pambuyo pake, ndipo kusiya kwake kumakhala pang'onopang'ono motsogozedwa ndi dokotala. Mayi akadziwa zimenezi sangataye mtima pa mlungu wachiwiri. Koma akaona zosiyana, kuti bambo wasiyiratu kugona koma satopa, akulankhula mothamanga, akumwaza ndalama, asasangalale kuti wachira. Abwerere naye kuchipatala msanga, chifukwa amenewo angakhale matenda ena ofuna mankhwala ena. Mapemphero ndilibe nawo vuto. Vuto ndili nalo ndi aliyense, kaya wavala kolala kaya wanyamula nsupa, wouza wodwala kuti ataye mapiritsi.

Tsopano nkhani ya chinsinsi ija. Sindikunena kuti mulengeze kumpingo kapena kumsika. Ndikunena anthu awiri kapena atatu, mmodzi wa kuchimuna, mmodzi wa kuchikazi, mwina ankhoswe ngati ndi anthu osunga pakamwa. Wodwalayo auzidwe poyera, osati kumuzembera: "Bambo, ndekha sindikwanitsa. Ndiwauza alamu ndi achemwali anga basi. Ngati alamu simukuwafuna, sankhani wina, koma wina ayenera kudziwa." Taonani kuti wapatsidwa ufulu wosankha munthu, osati ufulu wokaniza. Ndipo ouzidwawo apatsidwe ntchito yeniyeni, chifukwa mawu akuti "tili nanu limodzi" sadwazika munthu. Alamu abwere masiku awiri pa mlungu, akhale naye kushedi ngakhale kungopala thabwa limodzi. Achemwali atenge ana Loweruka. Tsiku la sikelo ya mankhwala aperekeze wina. Uzani wa kuchimuna pa chifukwa chinanso: tsiku likadzaipa, abale amene sanauzidwe ndi omwe amayamba kuloza chala mkazi kuti anamudyetsa kapena ankamuzunza.

Pali funso limene ambiri timaliopa, koma wodwazika ayenera kulifunsa mosazungulira: "Kodi mumaganizapo zodzipha?" Kufunsa sikumupatsa munthu maganizowo. Kumamutsegulira pakamwa. Akayankha kuti inde, kapena mukamuona akugawa zipangizo zake, akutsanzikana ndi anthu, kapena wadekha mwadzidzidzi atavutika nthawi yaitali, musamusiye yekha, ndipo mupite naye kuchipatala tsiku lomwelo. Ngakhale asanayankhe, chotsani m'nyumba tameki, mankhwala a mbewu ndi a makoswe, mukasungitse kwina. Amitiriputilini yemweyo ndi woopsa akamwedwa wambiri nthawi imodzi, choncho asunge ndi mayi, azipereka wa tsiku limenelo basi. Malipoti a apolisi kuno kwathu chaka ndi chaka amaonetsa kuti ambiri odzipha ndi amuna, anthu amene tinawalera kuti mwamuna salira.

Koma apa m'pofunika kusamala. Ena amafika ponena kuti, "Ukangopita kumsika, ukandipeza nditafa." Mawu amenewa musawapeputse, komanso musalole kuti akumangeni. Yankho lake si kutseka benchi n'kukhala pakhomo mpaka kalekale. Yankho ndi kuyitana alamu nthawi yomweyo n'kupita kuchipatala. Munthu mmodzi sangalondere mnzake usana ndi usiku, ndipo ngati zafika pofuna mlonda wotero, ndiye kuti zafika poti agonekedwe.

Kunja kwa masiku oopsa amenewo, mayi abwerere kumsika. Ndikunena motsindika chifukwa ndi pamene anthu amamuweruza kuti alibe chisoni. Benchi ija ndiyo ikudyetsa banja, komanso ndi malo okhawo amene amaseka ndi anzake n'kuiwalako. Asasiye banki mkhonde, kwaya kapena kumvano. Mpamba wa bizinesi aupatule, usasakanikirane ndi ndalama za matenda kapena zobwezera eni mipando. Eni mipandowo akambirane ndi alamu, apatsidwe masiku. Tulo nato tisatsike mtengo. Ngati bambo amadzuka usiku n'kufuna kubwereza madandaulo omwe aja mpaka kucha, mayi angathe kunena kuti, "Ndakumvani bambo, ndipo sindikuchoka. Tikambirana mawa tikamwa tiyi, panopa ndigone." Kumvetsera theka la ola masana uli ndi mphamvu kumathandiza kuposa kuchezera usiku wonse uli ndi mkwiyo wobisa.

Kumuchitira zonse nakonso sikumuthandiza. Matendawa amakula munthu akangogona, ndipo amachepa akamachita tinthu ting'onoting'ono ngakhale asakufuna. Mawu akuti "limbani mtima" kapena "ena akuvutika kuposa inu" amangomuwonjezera manyazi. Koma "ndiperekezeni kuchigayo" kapena "mundikonzere mwendo wa mpandowu" ndi pempho loti angalikwanitse. Akakana lero, musakangane naye, mudzapemphenso mawa.

Malire ena sakambirana. Matenda okhumudwa angachititse munthu kupsa mtima msanga, makamaka amuna, ndipo ena amathawira ku kachasu. Komabe matenda si chilolezo chotukwana kapena kumenya. Dzanja likangokwezedwa, nkhani yasintha. Mayi atenge ana apite pamalo otetezeka, ankhoswe adziwe, ndipo kupolisi kuli ofesi yothandiza ochitiridwa nkhanza. Lamulo loletsa nkhanza za m'banja la 2006 silinapatule nyumba zimene muli wodwala. Munthu angathe kuthandiza mnzake kulandira mankhwala akukhala kwina.

Zonsezi zimagwiranso ntchito wodwala akakhala mkazi, monga zimachitikira amayi ena akangobereka. Kusiyana kwake n'kwakuti mwamuna wodwazika amabisa kwambiri kutopa kwake, ndipo kumatulukira kumowa kapena kukhalitsa kuntchito.

Wodwazika adziyang'anenso yekha ndi muyeso womwe uja. Ngati kwa milungu iwiri inunso tulo sitikubwera ngakhale mnzanu wagona, mukukalipira ana popanda chifukwa, mutu ndi msana sizikupola, kapena mwayamba kulakalaka kuti mungosowa, musadikire kuti mnzanuyo achire kaye. Kukwiyira munthu wodwala amene mumamukonda kumachitika, ndipo si tchimo loti mubise. Tsiku lokatenga mankhwala, tengani mabuku a kuchipatala awiri, lake ndi lanu, ndipo iye akatuluka muwauze adokotala kuti nanunso mukufuna kuonedwa.