Mtengo wogulitsirana m'kati mwa kampani si nkhani ya papepala chabe

Pali mfundo imene yafala pakati pa oyendetsa makampani, ngakhale aakauntanti ena, yoti nthambi ziwiri za kampani imodzi zikamagulitsana katundu, mtengo wake ulibe ntchito, popeza ndalamayo ingochoka m'dzanja lamanja kupita lamanzere. Pamasamu akunena zoona: mabuku a nthambi zonse akaphatikizidwa, zimene uyu wapeza ndi zimene uyo walipira zimafafanizana. Chimene akuiwala n'chakuti mamanejala a nthambizo amayesedwa ndi phindu la nthambi zawo, ndipo bonasi ndi kukwezedwa pantchito zimadalira phindulo. Mtengo umene umasuntha phindu umasinthanso zochita za anthu, ndipo zochitazo ndizo zimatayitsa ndalama zenizeni.

Tiyerekeze kampani yokhala ndi nthambi yopanga chakudya cha nkhuku ndi ina yoweta nkhukuzo. Thumba limodzi la makilogalamu 50 limadya K40,000 pa chimanga, soya, magetsi ndi thumba lenilenilo. Akawonjezapo K10,000 ya zinthu zimene zimalipiridwa kaya makina agaye kaya asagaye, monga lendi ndi malipiro a pamwezi, kenako K5,000 ya phindu, mtengo wa m'kati ufika K55,000. Ndiye pabwera wogulitsa wakunja ndi chakudya chofanana pa K48,000. Manejala wa nkhuku, amene amafuna matumba 10,000 pachaka, akagula kunja apulumutsa K70 miliyoni. Ngati nthambi yake ili ndi mpamba wa K1 biliyoni ndipo imapindula K150 miliyoni, phindu lake pa mpambawo likwera kuchoka pa 15 peresenti kufika pa 22. Lipoti limuonetsa ngati katswiri. Koma ngati makina a nthambi inayo angokhala osagwira ntchito, kampani ikulipira mlendo K48,000 pa chinthu chimene ikadapanga yokha ndi K40,000, ndipo lendi ija ikulipiridwabe. Nthambi ya chakudya yataya K150 miliyoni, ya nkhuku yapeza K70 miliyoni, kampani yonse yatsika ndi K80 miliyoni. Palibe amene waba kapena kunama, aliyense wangotsata muyeso umene adapatsidwa.

Ena ayankha kuti mankhwala ake ndi osavuta: likulu lilamule kuti nthambi zizigulana zokhazokha basi. Lamulo lotere limalakwa nthawi imene zinthu zatembenuka. Ngati makina aja adzaza ndi maoda, ndipo alimi akunja akugula thumba lililonse pa K55,000, manejala wa nkhuku akagula kunja wachita bwino, chifukwa kampani igulitsa chake pa K55,000 n'kugula cha ena pa K48,000, n'kutsala ndi K7,000 pa thumba. Choncho mtengo wotsikitsitsa umene nthambi yogulitsa ingavomere ndi ndalama zimene zimatuluka popanga thumba limodzi loonjezera, kuphatikiza phindu limene ikulitaya posagulitsa kunja. Makina akakhala ndi mpata, mtengowo ndi K40,000, akadzaza ndi K55,000. Maganizo amenewa si atsopano, Jack Hirshleifer adawalongosola mu 1956. Kulamula kulinso ndi vuto lina: munthu amene mwamuletsa kusankha kogula simungamuimbe mlandu mwachilungamo phindu lake likatsika.

Chitsutso cholemera kwambiri n'choti mtengo wa K40,000 umalanga nthambi yopanga chakudya, imene izioneka yotayitsa chaka ndi chaka chifukwa lendi yake palibe akuibweza. Zimenezi n'zoona, ndipo n'chifukwa chake sitikunena kuti pali mtengo umodzi wokhoza zonse. Njira imene ikutikhutiritsa ndi yolipira pawiri: nthambi ya nkhuku izilipira K40,000 pa thumba, komanso ndalama yokhazikika ya pachaka, tinene K150 miliyoni, yolipirira makina amene asungidwira iyo. Popeza ndalama yokhazikikayo ilipiridwa ndithu, manejala akamasankha kogula ayerekeza K40,000 ndi K48,000, monga momwe kampani yonse ikanayerekezera. K40,000 imeneyo ikhale yogwirizana chaka chisanayambe, n'kumaunikidwa mtengo wa chimanga ndi soya ukasintha, osati ndalama iliyonse imene yawonongedwa, apo ayi kusasamala kwa opanga chakudya kuzilembedwa pa mutu wa oweta nkhuku.

Chizindikiro choti mtengo wa m'kati walakwika n'chosavuta kuchiona: nthambi ina phindu likukwera, makina a inzake akuzizira, galimoto za ogulitsa akunja zikutsitsa katundu pageti, koma phindu la kampani yonse likutsika. A bodi asanavomereze bonasi ya manejala aliyense, afunse kaye kuti gawo lalikulu bwanji la phindu lake lachokera pa mtengo umene likulu lidaika, ndipo lingatsale lingati mtengowo utasinthidwa.